Mphaka akamakanda mwana mobwerezabwereza: pezani gwero, konzani kagwiridwe

M'makomo ambiri a ku Angonia, Tsangano ndi Makanga mphaka amawetedwa chifukwa cha ntchito yake. Chimanga chikalowa m'nkhokwe kapena m'matumba, makoswe nawo amabwera, ndipo pakhomo popanda mphaka matumba sachedwa kubooledwa. Vuto limayamba pakhomopo pakakhala mwana wa zaka 2 mpaka 5. Lero wakandidwa pamkono, akulira. Amayi athamangitsa mphaka ndi tsache, mwana auzidwa kuti asamamugwirenso. Sabata isanathe zachitikanso, mwina tsopano patsaya, pafupi ndi diso. Ena amafika pokamutaya mphakayo kutchire, ati ndi wolusa, n'kutenga wina, koma winayonso amadzachita zomwezo.

Mphaka wathanzi sakanda mwana popanda chifukwa. Kawirikawiri amakhala kuti wagwidwa pamene alibe kothawira, kapena wakhala akuchenjeza koma palibe amene waona. Choncho chofunika kukonza ndi manja a mwana, maso a munthu wamkulu ndi malo a pakhomo. Mphakayo amasintha yekha zimenezi zikasintha.

Chilonda chimanena zimene zachitika

Nthawi zambiri wamkulu sakhalapo pamene mwana akukandidwa, amangomva kulira. Musanakalipe, yang'anani pamene pali chilondacho ndi mmene chilili, chifukwa chimakuuzani chimene mwana anachita.

Mizere italiitali pachifuwa, pamimba kapena mkati mwa mkono ndi ya miyendo yakumbuyo. Apa mwana anamunyamula mphaka, kapena anamukumbatira, ndipo mphaka anaponda pathupi pa mwanayo kuti adumphe. Sanali kumenyana naye, anali kuthawa. Zimenezi n'zimene zimachitika kwambiri mwa ana a zaka 3 ndi 4, makamaka atsikana akamachita masanje n'kufuna kumubereka mphaka kumbuyo ndi chitenje. Mphaka akamangidwa m'chitenje, miyendo ilibe poponda, amachita mantha aakulu ngakhale atakhala wofatsa chotani.

Timizere tifupitifupi kuseri kwa dzanja, nthawi zina pali ndi timabowo ta mano, timasonyeza kuti mwana anamusisita nthawi yaitali kapena anamugwira pamimba. Mphaka akagona chagada padzuwa, mimba ili poyera, mwana amaganiza kuti akumuitana. Koma kugona kotero kumangosonyeza kuti mphaka wamasuka pamalopo. Dzanja likafika pamimba, amaligwira ndi miyendo yakutsogolo, n'kuluma, n'kumaliponda ndi yakumbuyo.

Chilonda cha kumaso ndiye choopsa, ndipo chimabwera mwana akayandikitsa nkhope kuti amupsompsone kapena akamukwawira kunsi kwa bedi, kuseri kwa matumba, kapena pakona pamene mphaka alibe potulukira.

Pomaliza pali zilonda za m'miyendo, m'munsi mwa msongolo, mwana akamathamanga. Ameneyu amakhala mphaka wamng'ono, wosakwana chaka, amene akusewera zosaka. Ili ndi vuto lina, mankhwala ake ndi choseweretsa, tifikako.

Yambani ndi malo othawira, phunziro pambuyo

Mwana wa zaka 2 kapena 3 sangathe kudziletsa akaona mphaka akudutsa. Akhoza kubwereza bwinobwino mawu akuti "sindimugwira mchira", koma mchira ukamagwedezeka pafupi naye dzanja limapita lokha. Si kusamvera, ndi msinkhu. N'chifukwa chake mphaka afunika malo amene mwana sangafikeko, ngakhale wamkulu atatembenuka kukavundula nsima.

Malowo akhale pamwamba, kupitirira mita imodzi ndi theka kuchokera pansi: pamwamba pa kabati, pathandala, kapena pathabwa lokhomedwa kukhoma. Ikanipo katoni yogonekedwa cham'mbali kapena dengu lakale, muyalemo sanza. Mphaka amamva bwino akakhala pamwamba n'kumaona zonse iye atabisika. Onetsetsani kuti pali popondera poti akwerere, koma pasakhale mpando umene mwana angakokerepo. Mbale yake ya chakudya ndi ya madzi zichoke pakhonde pamene ana amasewerera, zipite kumalo amene mwana wokwawa safikako.

Kumbukiraninso nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Ulongwe, Domwe ndi Tsangano kumazizira kwambiri, ndipo mphaka amadzagona pafupi ndi moto, pamene ananso aunjikana. Apa m'pamene amapondedwa mchira. Muikireni katoni yake pamalo ofunda koma apatali ndi mapazi. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, Okutobala ndi Novembala akamawotcha, mphaka amafuna simenti yozizira ya m'nyumba kapena pansi pa mtsuko, ndipo sapirira kugwidwagwidwa ngati mmene amachitira masiku ena.

Kwa mwana lamulo likhale lalifupi: mphaka akagona, akamadya, kapena akakhala m'katoni mwake, sitimugwira. Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, ndiye lamulo limeneli lokha limachotsa ngozi zambiri.

Kuphunzitsa dzanja

Mawu akuti "gwira bwinobwino" alibe tanthauzo kwa mwana wamng'ono. Sadziwa kuti bwinobwino ndi mphamvu yochuluka bwanji. Amadziwa akamva pakhungu lake. Tengani mkono wake, muusisite pang'onopang'ono ndi kuseri kwa zala ziwiri, mukunena kuti "pang'onopang'ono, chonchi". Kenako iye asisite mkono wanu. Akakanikiza kapena kutsina, chotsani mkono, muyambirenso. Chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu mphaka asanalowepo n'komwe.

Tikunena za kuseri kwa zala pa chifukwa. Chikhatho cha mwana chikakhudza ubweya wofewa chimafumbata chokha, ndipo akafumbata amakoka. Kuseri kwa dzanja sikungafumbate kanthu.

Tsiku loyamba ndi mphaka, sankhani nthawi imene wadya, ali maso koma wadekha. Yalani mphasa, mukhale pansi, mwana akhale pamiyendo panu kapena pambali panu, miyendo atatambasula. Mwana akaimirira amaweramira mphaka, ndipo chinthu chobwera kuchokera pamwamba chimamuopsa. Chitseko chikhale chotsekula. Musamugwire mphaka kuti mwana amusisite. Ili ndi phophonya limene makolo ambiri amachita ndi mtima wabwino, koma limamuphunzitsa mphaka kuti mwana akayandikira, ufulu wake watha, ndipo limamuphunzitsa mwana kuti mphaka amagwidwa ngakhale asakufuna.

Mwana atambasule dzanja, zala atapinda, molingana ndi mphuno ya mphaka, n'kudikira. Mphaka akabwera, akanunkhiza, n'kukhula tsaya lake padzanjapo, ndiye kuti wavomera. Akanunkhiza n'kuchoka, kapena akangoyang'ana kumbali, lero palibe. Muuzeni mwana mosavuta: "Wakana, mwanangu. Tiyesanso madzulo." Mwana aphunzire msanga kuti kukana kwa mphaka si chinthu chachilendo.

Mphaka akavomera, dzanja lanu likhale pamwamba pa dzanja la mwana. Malo oyambira ndi patsaya, kunsi kwa chibwano ndi patsinde pa makutu. Amenewa ndi malo amene mphaka amakhula pa zinthu zimene wazizolowera posiyapo fungo lake, ndipo amphaka ambiri amakonda kukhudzidwa pamenepo. Pamsana n'potheka, kutsata kumene ubweya wagonera, kuchokera m'khosi n'kulekeza pakati. Pamimba, kumchira, kumapazi ndi ndevu n'koletsedwa. Ndevu zimazika mozama ndipo patsinde pake pali mitsempha yambiri, kuzikoka kumapweteka zedi.

Tsopano chinthu chimene tikufuna mugwiritsitse: kusisita katatu n'kuchotsa dzanja. Werengani mokweza pamodzi ndi mwana, "kamodzi, kawiri, katatu, leka", dzanja libwerere pabondo. Ndiye dikirani. Mphaka akasendera, akagunda dzanja ndi mutu, sisitaninso katatu. Akakhala chete, akayamba kudzinyambita, kapena akanyamuka, zatha, ndipo sitimutsata. Njira imeneyi imathandiza chifukwa mwana safunika kudziwa zizindikiro zonse za mphaka. Amangofunika kuwerenga mpaka katatu, ndipo mphaka amapeza mpata woyankha asanatope. Mphindi ziwiri kapena zitatu, kawiri patsiku, n'zokwanira. Lekezani zinthu zikadali bwino, musadikire kuti wina atope.

Zizindikiro n'zoti wamkulu aziwerenge

Musayembekezere kuti mwana wa zaka 3 aona khutu la mphaka likutembenuka. Imeneyo ndi ntchito yanu. Zizindikiro zimabwera motsatizana, kuyambira zazing'ono. Nsonga ya mchira imayamba kugwedera, kenako mchira wonse ukumenya pansi. Khungu la pamsana limanjenjemera. Makutu amatembenukira m'mbali, kenako kugona kumbuyo. Thupi limauma, mutu n'kutembenuka msanga kuyang'ana dzanja. Kulira kwa pansipansi pakhosi ndi kuchita "fuu" pakamwa pali yasa ndi chenjezo lomaliza.

Ana ozolowera agalu amasokonezeka ndi mchira. Galu akamagwedeza mchira kawirikawiri amakhala wakondwa, pamene mphaka akamaumenyetsa pansi amakhala wanyansidwa. Kwa mwana wa zaka 4 kupita m'tsogolo, chizindikiro chimodzi chimenechi mukhoza kumuphunzitsa: "Mchira ukamamenya pansi, manja pabondo." Mchira woimirira mowongoka, nsonga itapindika pang'ono, mphaka akubwera kwa iwe, ndi moni.

Za kunyamula

Mwana wosakwana zaka 6 asamanyamule mphaka. Mphaka wamkulu amalemera makilogalamu 3 mpaka 5, ndipo mwana wamng'ono amamugwira m'khosi kapena pamimba, miyendo yakumbuyo ili lende. Ngati akufunitsitsa kumufungata, akhale pansi, ayale nsalu yopindidwa pamiyendo, muponyepo kapenta mmodzi kapena awiri, mphaka akwere yekha. Manja a mwana asamuzungulire.

Wamkulupo, wa zaka 7 kapena 8, aphunzire chonchi: dzanja limodzi pansi pa chifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, lina litachirikiza matako ndi miyendo yakumbuyo, thupi la mphaka litatsamira pachifuwa pake. Mphaka akangophiriphita, amutsitse pansi mapazi onse anayi, osamuponya. Kunyamula ndi chikopa cha pakhosi, kumene akulu ambiri amachita, kulekeke. Mphaka wamkazi amanyamula choncho tiana tongobadwa kumene, topepuka. Mphaka wamkulu akalendewera pachikopa amamva ululu ndi mantha, ndipo ana amatengera zimene aona akulu akuchita.

Tiyerekeze ndi khomo limodzi

Pakhomo pena ku Domwe pali mtsikana wa zaka 3, mchimwene wake wa zaka 8, ndi mphaka wamkazi wa zaka 2 amene amagona m'chipinda chosungira chimanga ndi mbatatesi. Mtsikanayo wakandidwa katatu mwezi umodzi, kawiri pachifuwa, kamodzi patsaya. Zonse zachitika m'mawa, amayi ali kudimba, mchimwene ali kusukulu, agogo ali panja akutokosa moto.

Zilonda za pachifuwa zikusonyeza kunyamula. Cha patsaya chikusonyeza kuti anamutsatira kuseri kwa matumba, kumene kuli khoma kumbuyo. Nthawi yake ikusonyeza kuti palibe woyang'anira. Ndiye choyamba si phunziro ayi, ndi chitseko. Chipinda cha chimanga chizitsekedwa ndi kamtengo kapena waya pamwamba pamene mwana safika, mphaka azilowera pawindo kapena pampata wa pansi pa denga. Katoni iikidwe pamwamba pa matumba. Agogo apemphedwe mwaulemu kuti mdzukulu akhale nawo panja mpaka amayi abwere.

Sabata yoyamba mtsikanayo samugwira mphaka n'komwe. Ntchito yake ndi kumuponyera kapenta awiri kapena atatu pansi, atakhala pamphasa, patali ngati mita imodzi. Kapenta wamchere ayambe waviikidwa m'madzi, ndipo asamupatsire m'zala. Mphaka amene anazolowera kuthawa akaona mwanayu amayamba kuona kuti kubwera kwake kuli ndi phindu. Nthawi yomweyo mwana akuyeserera kusisita pamkono wa amayi, ndipo wapatsidwa chidole cha chitsononkho kapena cha nsanza choti azibereka.

Sabata yachiwiri, ngati mphaka wayamba kudya pafupi osathawa, ayambe kununkhizitsa dzanja ndi kusisita katatu, dzanja la amayi lili pamwamba. Mchimwene azichita zomwezo pamaso pa mlongo wake, chifukwa wamng'ono amatsanzira mkulu wake kuposa mmene amamvera mawu a makolo. Sabata yachitatu kapena yachinayi amayi achotse dzanja lawo koma akhalebe pafupi, poti akhoza kugwira mkono wa mwana. Mudziwa kuti zikuyenda mphaka akayamba kubwera yekha pamphasa mwana alipo, mchira uli m'mwamba. Mukaona kuti akungotuluka mwana akalowa, bwererani pa kapenta sabata ina. Ngakhale zitayenda bwino, mwana wa msinkhu umenewu sasiyidwa yekha ndi mphaka.

Mukachita zonsezi koma zikupitirira

Funsani kaye ngati mphaka akumenyedwa akakanda kapena akachita "fuu". Kumumenya kumamuchititsa kuona kuti pamene pali mwana pali ululu, ndipo mantha ake amakula. Choipa kwambiri n'chakuti mphaka wolangidwa chifukwa chochenjeza akhoza kusiya kuchenjezako n'kumangokanda. Kumenya mwana nakonso sikuthandiza, amangophunzira kumugwira mphaka mobisa. Akakoka mchira, gwirani dzanja lake, muchotseni pamalopo modekha, munene mawu ochepa: "Wamupweteka. Lero basi."

Ngati vuto ndi la kamphaka kolumphira miyendo, onani ngati pali amene amasewera nako ndi zala kapena mapazi. Kakadali kakang'ono zimaseketsa, koma kakakula khalidwelo limatsala. Dulani kamtengo kotalika mita imodzi, mumangeko chingwe chachifupi ndi nthenga za nkhuku kapena makoko a chimanga kunsonga. Mwana azikoka pansi, mphaka azithamangitsa, mphindi zisanu kapena khumi m'mawa ndi chakumadzulo, nthawi imene amphaka amakonda kusaka. Mukatha bisani, chifukwa mphaka akameza chingwe chimatha kumuwononga matumbo. Amphaka otengedwa kwa mayi wawo asanakwane masabata 8 ndi amene amavuta kwambiri pa khalidwe limeneli, popeza kuchepetsa mphamvu ya mano ndi zikhadabo amakuphunzira posewera ndi abale awo.

Mphaka wamkazi akaswa, malamulo onse amakhwima. Masabata awiri oyambirira ana asapiteko. Kuyambira pamenepo mpaka masabata 7 ndi nthawi imene tiana ta mphaka timazolowera anthu mosavuta, ndiye n'kwabwino kutigwira mphindi zochepa tsiku lililonse, mwana atakhala pansi, wamkulu alipo, mayi wa tianato akuona. Kamphaka kogwidwa bwino pa msinkhu umenewu kamadzakhala kofatsa ndi ana, pamene kokokedwa ndi kuponyedwa kamakula koopa anthu.

Mphaka amene anali wofatsa n'kusintha mwadzidzidzi akhoza kukhala kuti akumva ululu: chithupsa cholumidwa ndi mphaka mnzake, dzino, mwendo, kapena utitiri wochuluka. Mulekanitseni ndi ana, mufunse alangizi a ziweto ku ofesi yoona za ulimi ndi ziweto ya SDAE ya m'boma lanu. Musamupatse parasetamo, ngakhale kachidutswa, chifukwa amapha mphaka. Mankhwala ena ophera nkhupakupa ndi utitiri pa agalu ndi ng'ombe nawonso ndi poizoni kwa mphaka. Ndipo ngati kusinthako kwabwera ndi kutuluka dovu, kuyenda mwadzandidzandi, kulephera kumeza kapena kuluma chilichonse, ganizirani za chiwewe. Musamugwire ndi manja, mutsekereni ngati n'kotheka popanda ngozi, ndipo dziwitsani a ziweto tsiku lomwelo.

Mwana akakandidwa kapena kulumidwa

Tsukani chilonda nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15. Ngati mulibe mpope, wina azithira ndi kapu kuchokera m'ndowa. Mphindi 15 n'zambiri mwana akulira, koma kutsuka kumeneku kumachotsa tizilombo tochuluka, kuphatikizapo ta chiwewe. Musathirepo phulusa, dothi, tsabola kapena mankhwala otsukira mano, ndipo musamange molimba.

Khungu likabooka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mphakayo ndi wachilendo, sanabayidwe katemera wa chiwewe, kapena chilonda chili kumaso, m'khosi kapena m'zala. Chiwewe chimafala kwambiri kudzera mwa agalu, koma mphaka nayenso amachitenga n'kupatsira munthu, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka sichichizika. Achipatala ndi amene anganene ngati mwana afunika katemera. Mphaka wa pakhomo muziyang'anira masiku 10 kuti muone ngati akuonetsa zizindikiro za chiwewe, koma musadikire masikuwo kuti muyambe kupita kuchipatala.

Kulumidwa ndi mphaka kumaoneka kochepa chifukwa mano ake ndi oonda, koma amalowa mozama ndipo kabowo kamatsekeka msanga tizilombo tili mkati. Dzanja likatupa, kufiira ndi kutentha pasanathe tsiku, bwererani kuchipatala osazengereza. Mwanabere wotupa m'khwapa kapena m'khosi patatha sabata imodzi mpaka itatu chikandidwireni, nthawi zina ndi kutentha thupi, nayenso akhoza kuchokera ku chikhadabo cha mphaka, makamaka wamng'ono wokhala ndi utitiri. Auzeni achipatala kuti mwana anakandidwa ndiponso tsiku lake. Mphaka wa pakhomo akhoza kubayidwa katemera wa chiwewe kuyambira miyezi itatu, choncho a ziweto akalengeza za katemera wa agalu m'dera lanu, mutengereni nayenso, muli mutamuika m'katoni yoboola timabowo kapena m'dengu lovundikira, ndipo wonyamula akhale munthu wamkulu.